Minibasi ya amalume ku Chulu: ndalama ya K2 miliyoni imene inkasowa chaka chilichonse popanda woiba

Mu Januwale 2021 amalume anga anagula minibasi ya Toyota Hiace ndi ndalama za fodya zimene anasunga kwa zaka zingapo. Inkanyamula anthu ndi katundu pakati pa Chulu ndi pa boma pa Kasungu. Ine ndinali nditaphunzirako za maakaunti ku sekondale, choncho anandipatsa kope lachikuto cholimba n'kunena kuti, "Mphwanga, iwe ndiye wapita kusukulu. Uzilemba zolowa ndi zotuluka."

Chaka chitatha tinakhala pansi pakhonde n'kuwerengera. Manambala ndawazunguliza kuti asakuvuteni, koma anali motere. Minibasi inayenda masiku 300 ndipo inkabweretsa pafupifupi K48,000 pa tsiku, kutanthauza K14.4 miliyoni pa chaka. Mafuta anadya K6 miliyoni. Dalaivala ndi kondakitala analandira K1.8 miliyoni. Sevisi, matayala ndi zokonzakonza zinatenga K2.1 miliyoni, pamene inshulansi, COF ndi ziphaso zina zinatenga K900,000. Zotuluka zonse zinakwana K10.8 miliyoni, ndipo zotsala zinali K3.6 miliyoni.

Amalume anamwetulira. "Ndiye kuti ndimapindula K300,000 pa mwezi."

Ine ndinati, "Ayi amalume, phindu lanu ndi K1.6 miliyoni pa chaka, osati K3.6 miliyoni. Pali K2 miliyoni ina imene sitinachotse."

Nkhope yawo inasintha. "Wabayo ndani? Kondakitala?"

Panalibe wakuba. Ndalamayo inadyedwa ndi minibasi yeniyeniyo, ndipo m'maakaunti amaitchula kuti dipulisiyeshoni, ndiye kuti kutsika kwa mtengo wa katundu m'mabuku chaka ndi chaka. Tiyeni tione kumene K2 miliyoni imeneyi inachokera, chifukwa mukamvetsa nkhani ya minibasi imodziyi, mafunso ambiri a mutu umenewu pa mayeso sadzakuvutaninso.

Feteleza ndi jeke

Tiyambire kumunda wa fodya, kumene ambiri a ife tinakulira. Mlimi akagula matumba a feteleza mu Novembala, amathira onse m'munda nyengo yomweyo. Akagulitsa mabelo ake ku msika wa Chinkhoma, amachotsa mtengo wonse wa feteleza pa ndalama zimene walandira, ndipo palibe angatsutse. Feteleza wathera mu fodya wa chaka chimenecho.

Nanga akagula jeke yodindira mabelo? Jeke siitha chaka chimodzi. Idinda mabelo a chaka chino, a chaka chamawa, mpaka zaka zingapo kutsogoloku. Mlimi akachotsa mtengo wonse wa jeke pa fodya wa chaka choyamba, chakacho chioneka ngati waluza, ndipo zaka zotsatira zioneka ngati jeke ikumugwirira ntchito ulere. Zonsezi ndi zabodza. Chilungamo n'chakuti fodya wa chaka chilichonse alipireko gawo lake la jekeyo.

Imeneyi ndiye mfundo yaikulu ya dipulisiyeshoni. Katundu amene akugwirira ntchito bizinesi kwa zaka zingapo, mtengo wake umagawidwa pa zaka zonsezo, kuti ndalama zolowa chaka chilichonse zikumane ndi ndalama zonse zimene zawonongedwa pozipeza. Minibasi ili ngati jeke, pamene mafuta ali ngati feteleza.

Onani zimene zikanachitika ndikanalemba mtengo wonse wa minibasi, K12 miliyoni, ngati zotuluka za 2021. Buku likananena kuti amalume aluza K8.4 miliyoni chaka choyamba, kenako n'kumapindula K3.6 miliyoni chaka chilichonse chotsatira. Chonsecho minibasi ndi yomweyo, msewu ndi womwewo, ntchito ndi yomweyo. Buku lotere silingathandize munthu kudziwa ngati bizinesi ikuyenda kapena ayi.

Chimadya minibasi n'chiyani?

Chifukwa chake timagawa mtengowo n'chakuti minibasi ili ndi malire a moyo wake. Choyamba chimene chimaidya ndi ntchito. Msewu wafumbi umagwedeza galimoto tsiku lonse: masipuling'i amafooka, mabauti amamasuka, zitseko zimayamba kulira, bodi imang'ambika m'malo olumikizira. Fumbi la m'chilimwe likalowa mu injini limapala zitsulo pang'onopang'ono, ndipo matope a m'dzinja amabweretsa dzimbiri kunsi. Onjezerani matumba a chimanga ndi mtedza amene amapakiridwa pamwamba pa anthu odzaza kale.

Chachiwiri ndi nthawi. Ngakhale mutaiimika pansi pa mtengo wa mango chaka chonse, mphira umauma, batire imafa, dzimbiri silipuma. Chachitatu ndi kutha fasho: kukabwera magalimoto osamwa mafuta ambiri kapena oyenda msanga, anthu amathamangira kumeneko, ndipo yanuyo imasiya kupindulitsa ngakhale injini ikulirabe.

Wina anena kuti, "Koma si timakonzetsa?" Zoona, ndipo ndalama zokonzetsera tazichotsa kale. Sevisi imathandiza kuti minibasi ifike zaka zimene tikuyembekezera, koma siisandutsa yatsopano. Mutha kusintha oyilo mokhulupirika, tsiku lidzafikabe loti ndalama zokonzetsera zipose zimene ikubweretsa. N'chifukwa chakenso malo amene amalume amaimikapo minibasi sitimawatsitsa mtengo m'mabuku: nthaka siikhala ndi tsiku lotha ntchito.

Manambala atatu amene muyenera kukhala nawo

Kuti muwerengere dipulisiyeshoni mufunika zinthu zitatu: mtengo wogulira, zaka zogwira ntchito, ndi mtengo wotsala pamapeto.

Mtengo wogulira si ndalama yokhayo imene mwapatsa wogulitsa. Ndi ndalama zonse zimene mwawononga kuti katunduyo afike pomwe agwirire ntchito ali wokonzeka. Amalume analipira K11 miliyoni kwa wogulitsa ku Lilongwe, K700,000 yoikira mipando ndi kukonza zina isanayambe ulendo woyamba, ndi K300,000 yolembetsera galimotoyo m'dzina lawo. Zonse pamodzi K12 miliyoni. Akanaitanitsa okha kuchokera ku Japan kudzera pa doko la Dar es Salaam, ndalama ya sitima, msonkho wa pachipata ndi yoiyendetsera mpaka kuno zikanalowanso mu mtengo umenewu. Koma inshulansi ya chaka ndi mafuta sizilowamo, chifukwa zimenezo zimatha chaka chomwecho ngati feteleza uja.

Zaka zogwira ntchito si zaka zimene galimoto ingakhale padziko isanasanduke khola la nkhuku. Ndi zaka zimene mwini wakeyu akuyembekezera kuigwiritsa ntchito mopindula. Hiace yoyenda pa tala pakati pa Kasungu ndi Lilongwe ndi Hiace yoyenda msewu wafumbi sizingapatsidwe zaka zofanana. Ife titafunsa makaniko ndi eni maminibasi ena tinagwirizana pa zaka 5.

Mtengo wotsala ndi ndalama imene tikuganiza kuti tingapeze poigulitsa zakazo zikatha, kaya kwa wina woti aziyendera mtunda waufupi kapena kwa ogula masipeyala. Tinaika K2 miliyoni.

Taonani bwino apa: pa manambala atatuwa, imodzi yokha ndiyo ili ndi malisiti. Ziwiri zinazo ndi zongoyerekeza, ngakhale kuti ndi kuyerekeza kwa anthu odziwa. Sungani mfundo imeneyi, tidzaifuna kutsogoloku.

Njira yoyamba: kugawa mofanana

Njira yosavuta kwambiri ndi imene mabuku a sukulu amaitchula kuti sitireti layini, mzere wowongoka. Mumachotsa mtengo wotsala pa mtengo wogulira, n'kugawa ndi zaka:

(12,000,000 − 2,000,000) ÷ 5 = 2,000,000

Nayo K2 miliyoni ija. Timachotsa kaye mtengo wotsala chifukwa ndalama imeneyo tikuyembekezera kudzaipezanso pogulitsa, choncho imene ikutheratu ndi K10 miliyoni basi. Ngati muli ndi mwayi wa kompyuta, mu Excel mutha kulemba motere ndipo yankho lituluka lomwelo:

```
=SLN(12000000,2000000,5)
```

Chaka chilichonse tikachotsa K2 miliyoni, mtengo wa minibasi m'buku umatsika motere:

- Kutha kwa 2021: K10 miliyoni
- Kutha kwa 2022: K8 miliyoni
- Kutha kwa 2023: K6 miliyoni
- Kutha kwa 2024: K4 miliyoni
- Kutha kwa 2025: K2 miliyoni

Mukajambula manambalawa pa girafu mupeza mzere wowongoka wotsetsereka, ndipo dzina lija linachokera pamenepo.

Amalume sanakhutire ndi mamiliyoniwa mpaka nditawagawa ndi masiku. K2 miliyoni pa masiku 300 ndi pafupifupi K6,700 pa tsiku. Ndinawauza kuti, "Madzulo aliwonse kondakitala akakupatsani K48,000, dziwani kuti K6,700 mwa imeneyo si phindu. Ndi chidutswa cha minibasi yanu chimene chasanduka ndalama. Mukaidya, mukudya minibasi." Anakhala chete kanthawi, kenako anati, "Ndiye kuti chaka chonsechi ndakhala ndikudya chitseko, mawa tayala, mkuja injini." Ndinadziwa kuti amva.

Njira yachiwiri: kudula pa zimene zatsala

Pali njira ina imene imagwiritsidwa ntchito kwambiri pa magalimoto, yotchedwa ridyusing'i balansi. Apa mumasankha peresenti imodzi, ndipo chaka chilichonse mumaidula pa mtengo umene watsala m'buku, osati pa mtengo wogulira. Tiyese ndi 30 peresenti.

Chaka choyamba, 30 peresenti ya K12,000,000 ndi K3,600,000, ndipo patsala K8,400,000. Chaka chachiwiri timadula pa K8,400,000 imeneyo: dipulisiyeshoni ndi K2,520,000, patsala K5,880,000. Chaka chachitatu ndi K1,764,000, patsala K4,116,000. Chachinayi ndi K1,234,800, patsala K2,881,200. Chachisanu ndi K864,360, patsala K2,016,840.

Mwaona? Njira zonse ziwiri zatifikitsa pafupifupi pamalo amodzi, pa K2 miliyoni. Ndalama yonse yochotsedwa ndi yomweyo. Chasiyana ndi kagawidwe kake. Njira yachiwiriyi imalemetsa zaka zoyamba n'kupepuza zomaliza. Nzeru yake ndi yakuti galimoto imagwira ntchito kwambiri ikadali yamphamvu, ndipo ikamakalamba imakhalitsa ku galaja, ndalama zokonzetsera n'kumakwera. Dipulisiyeshoni ikamatsika pamene zokonzetsera zikukwera, mtolo wonse wa chaka ndi chaka sumasiyana kwambiri.

Koma onaninso mphamvu ya kusankha njira. Ndi njira yoyamba, phindu la amalume mu 2021 linali K1.6 miliyoni. Ndi njira yachiwiri likanakhala K3.6 miliyoni kuchotsa K3.6 miliyoni, ndiye kuti ziro. Minibasi imodzi, chaka chimodzi, mayankho awiri. N'chifukwa chake munthu sasintha njira chaka ndi chaka pofuna kukongoletsa phindu. Lamulo la padziko lonse lokhudza katundu wotereyu, IAS 16, limene akatswiri a maakaunti a kuno kwathu amaligwiritsanso ntchito, limati njira yosankhidwayo izisonyeza mmene katunduyo akutheradi pogwira ntchito, ndipo isinthidwe pokhapokha kagwiridwe ntchito kake kasintha.

Pa mayeso ophunzira ambiri amagwa pa zinthu ziwiri m'njira yachiwiriyi. Ena amadula 30 peresenti pa K12 miliyoni chaka chilichonse. Mudziwa kuti mwalakwa chonchi mukaona kuti yankho lanu silikusintha chaka ndi chaka, pamene limayenera kumachepa. Ena amayamba achotsa mtengo wotsala asanadule peresenti, zimene zimachitika m'njira yoyamba yokha. Samalaninso ndi tsiku logulira. Minibasi ikanagulidwa pa 1 Epulo ndipo mabuku amatsekedwa pa 31 Disembala, ndiye kuti yagwira miyezi 9 yokha, ndipo pa njira yoyamba dipulisiyeshoni ya chakacho ikanakhala 2,000,000 × 9 ÷ 12 = K1,500,000, pokhapokha funso litanena kuti muwerengere chaka chathunthu.

Zimalembedwa pati m'mabuku?

Pa kutha kwa chaka timalemba mbali ziwiri monga mwa nthawi zonse. Timachita debiti akaunti ya dipulisiyeshoni ndi K2 miliyoni, ndipo imeneyi imapita ku ripoti la phindu pamodzi ndi mafuta ndi malipiro. Timachita kirediti akaunti ina yosonkhanitsa dipulisiyeshoni ya zaka zonse, imene imakula chaka ndi chaka: K2 miliyoni, kenako K4 miliyoni, n'kumapita.

Akaunti ya minibasi yeniyeniyo sitimaikhudza, imakhalabe pa K12 miliyoni. Pa ripoti losonyeza chuma cha bizinesi timaonetsa zonse zitatu: mtengo wogulira, dipulisiyeshoni yosonkhanitsidwa, ndi kusiyana kwake. Pa kutha kwa 2022 zinali K12 miliyoni, K4 miliyoni ndi K8 miliyoni. Ubwino wake ndi wakuti wowerenga, kaya ndi wa kubanki amene mukufuna ngongole, amaona msanga kuti katunduyu wadyedwa gawo lotani.

Tsopano funso: pa zolemba ziwirizi, mwaonapo akaunti ya kashi kapena ya banki? Palibe. Dipulisiyeshoni siitulutsa ndalama m'thumba, chifukwa ndalamayo inatuluka kale tsiku logula. Komanso siisunga ndalama kwina kulikonse. Akaunti yosonkhanitsa ija ikamati K4 miliyoni, sizikutanthauza kuti pali K4 miliyoni yobisika pansi pa matilesi. Chimene dipulisiyeshoni imachita ndi kuchepetsa phindu lolembedwa, kuti mwini bizinesi adziwe malire a zimene angatenge. Kusunga ndalamayo ndi chisankho china, cha munthuyo.

Apa ndi pamene amalume anapwetekeka. K3.6 miliyoni yonse ya 2021 inali itapita kale ku fizi, malata ndi feteleza. Zonsezi ndi zinthu zabwino, koma K2 miliyoni mwa imeneyo sinali phindu. Kuyambira 2022 anayamba kuika padera K2 miliyoni pa chaka.

Pamene kuyerekeza kwalakwika

Kumbukirani kuti zaka 5 zija zinali zongoyerekeza. Pofika kumapeto kwa 2022 zizindikiro zinayamba kuoneka. Injini inayamba kumwa oyilo pakati pa sevisi ndi sevisi, utsi wobiriwira unkatuluka m'mawa, ndipo m'kope langa masiku a ku galaja ankachuluka mwezi ndi mwezi. Makaniko anawauza amalume mosabisa kuti, "Bwana, pa msewu umenewu galimotoyi yatsala ndi zaka ziwiri, osati zitatu."

Zikatere sitibwerera m'mbuyo kukafufuta mabuku a 2021 ndi 2022, chifukwa nthawi imeneyo tinalemba molingana ndi zimene tinkadziwa. Timatenga mtengo umene watsala m'buku n'kuugawa pa zaka zimene zatsaladi:

(8,000,000 − 2,000,000) ÷ 2 = 3,000,000

Choncho dipulisiyeshoni ya 2023 ndi ya 2024 inakhala K3 miliyoni pa chaka. Mtengo wa m'buku unatsika kufika K5 miliyoni pa kutha kwa 2023, ndi K2 miliyoni pa kutha kwa 2024. IAS 16 imafuna kuti zaka zogwira ntchito ndi mtengo wotsala ziziunikidwanso kamodzi pa chaka kapena kuposa apo, ndipo chifukwa chake ndi chimenechi. Mukaona katundu amene m'buku wafika pamapeto koma akugwirabe ntchito zaka zambiri, dziwani kuti zaka munazichepetsa. Mukaona katundu wafa pamene buku likuti akadali ndi mtengo waukulu, munazichulukitsa.

Buku likuti K2 miliyoni, wogula akupereka K7 miliyoni

Apa ndi pamene ambiri amasokonezeka, ndipo amalume anandigwira napo. Mu Meyi 2022 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 inatsitsidwanso ndi 44 peresenti. Magalimoto timagula kunja ndi madola, choncho mitengo yake m'makwacha inakwera, ngakhale ya magalimoto otopa. Mu Januwale 2025 munthu wina anagula minibasi ija pa K7 miliyoni.

"Mphwanga," anatero amalume, "buku lako lija limati K2 miliyoni. Wanama ndani, iwe kapena wogulayu?"

Palibe ananama. Mtengo wa m'buku si mtengo wa pamsika. Umangonena gawo la ndalama zogulira limene silinagawidwebe ku zaka zogwira ntchito. Tsiku logulitsa ndi pamene awiriwa amakumana, ndipo kusiyana kwake kumalembedwa ngati phindu kapena kuluza pogulitsa. Apa K7 miliyoni kuchotsa K2 miliyoni ndi phindu la K5 miliyoni. Akanagulitsa K1.5 miliyoni, tikanalemba kuluza kwa K500,000. Ndivomerezenso kulakwa kwanga: pa kutha kwa 2023 ndinayenera kuunikanso mtengo wotsala uja n'kuukweza, popeza mitengo ya magalimoto akale inali itasintha kale. Ndikanatero, dipulisiyeshoni ya 2024 ikanachepa ndipo phindu la pogulitsa silikanaoneka lalikulu chonchi.

Koma kodi amalume analemeradi ndi K5 miliyoni? Tiyeze ndi dola. Mu 2021 dola imodzi inali pafupifupi K800 kubanki, choncho K12 miliyoni inali ngati madola 15,000. Kumayambiriro kwa 2025 dola inali pafupifupi K1,750 kubanki, choncho K7 miliyoni inali ngati madola 4,000. Minibasi inatsikadi mtengo, ndipo inatsika kwambiri. Chimene chinasintha ndi muyezo umene tikuyezera.

Tsopano taonani malire a dipulisiyeshoni. Minibasi ina ya madola 15,000 omwewo inkafunika pafupifupi K26 miliyoni pa mtengo wa kubanki. Ngakhale amalume akanasunga dipulisiyeshoni yonse ya zaka zinayi, K10 miliyoni, n'kuphatikiza K7 miliyoni yogulitsira, akanakhala ndi K17 miliyoni, kupereweza K9 miliyoni. Dipulisiyeshoni imagawa mtengo wa dzulo. Siilonjeza kukugulirani galimoto pa mtengo wa mawa. M'dziko limene mitengo ikukwera msanga, mwini minibasi ayenera kufunsa mtengo wa galimoto ina chaka chilichonse ndi kusunga zoposa zimene buku lachotsa.

Chinanso choti mudziwe: pa nkhani ya msonkho, a MRA satenga dipulisiyeshoni imene mwawerengera nokha. Malamulo a msonkho ali ndi maperesenti awoawo a zimene mungachotse pa katundu wotere, choncho phindu la m'mabuku anu ndi phindu lodulirapo msonkho zimatha kusiyana popanda wina kulakwitsa.

Amalume anali ndi K6 miliyoni yosunga ya zaka zitatu, kuphatikiza K7 miliyoni yogulitsira. K13 miliyoni sinakwane minibasi ina, choncho anagula Sienta yogwiritsidwapo kale ntchito, ndipo akuyendabe msewu womwewo. Tsiku limene anaibweretsa, asanalowe n'komwe m'nyumba, anandiitana n'kuti, "Tenga kope lija. Iyi tiipatse zaka zingati?"

Nanunso yesani iyi musanatseke tsambali. Njinga yamoto ya kabaza yagulidwa pa K3 miliyoni, igwira ntchito zaka 3, ndipo pamapeto ingagulitsidwe K600,000. Pezani dipulisiyeshoni ya pa chaka pa njira yogawa mofanana, kenako muigawe ndi masiku 300. Mukapeza K800,000 pa chaka ndi pafupifupi K2,700 pa tsiku, mwakhoza. Kenako funsani wa kabaza amene mumamudziwa ngati amaiwerengera ndalama imeneyi akamanena phindu lake la tsiku.